Piritsi la likodzo ndi lalikulu: mwana wanu alimwe bwanji kuti asatsamwe?

Ngati muli ndi mwana wa pasukulu ku Biriwiri, kapena mumathandiza alangizi a zaumoyo pa ntchito za m'mudzi, tsikuli mukulidziwa. Ana afola pamzere pabwalo la sukulu, mlangizi waimika ndodo yoyezera msinkhu, pambali pali ndowa ya madzi ndi makapu awiri kapena atatu. Aliyense akuyezedwa, akulandira mapiritsi a likodzo, akumwa pomwepo anthu akuona. Ambiri amameza n'kumapita. Koma pamzere uliwonse pamakhala wina amene piritsi limamukanira pakamwa. Amalisunga m'tsaya mpaka liyambe kuwawa, misozi ili mbwembwembwe, kenaka kulavula kapena kusanza. Pamenepo akuluakulu mtima umayamba kuthamanga, chifukwa mzere ndi wautali ndipo dzuwa likupendeka.

Mphindi imeneyo, munthu wamkulu akatopa ndi mwana amene akukana, ndi pamene ngozi ya kutsamwa imayandikira. Mankhwala a likodzo ndi a njoka za m'mimba amwedwa ndi ana miyandamiyanda pa dziko lapansi ndipo ndi odalirika. Chimene chingaike mwana pangozi ndi kamwetsedwe kake, makamaka kumugwira mwamphamvu, kumutsina mphuno, kumugadamitsa mutu ndi kumuponyera piritsi kummero akulira.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula tsopano

Mankhwala a likodzo amene Unduna wa Zaumoyo umagawa m'sukulu ndi m'midzi ndi prazikwantelo. Piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 600, ndi lalitali pafupifupi masentimita awiri, ndipo ndi lowawa kwambiri likayamba kusungunuka pakamwa. Kwa zaka zambiri ntchito yogawa mankhwalawa imalunjika kwa ana a msinkhu wa pasukulu. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo atsopano akuti m'madera amene likodzo lafala, mankhwalawa azifika kwa onse kuyambira ana a zaka 2. Izi zikutanthauza kuti ana ang'onoang'ono, amene khosi lawo ndi lopapatiza ndipo sachedwa kuchita mantha, nawonso ayenera kuganiziridwa.

Akatswiri apanga piritsi lina laling'ono la mamiligalamu 150, lotchedwa araprazikwantelo, losungunuka m'madzi ndiponso losawawa kwambiri, la ana a miyezi 3 mpaka zaka 6. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linalivomereza mu Disembala 2023, WHO inaliika pa mndandanda wa mankhwala ovomerezeka mu 2024, ndipo ana oyamba analandira ku Uganda mu 2025. Koma ana a pasukulu ndi akuluakulu apitiriza kumwa piritsi lalikulu lija. Nawo mankhwala a njoka za m'mimba, alibendazo wa mamiligalamu 400, ndi piritsi lalikulu ndithu poyerekeza ndi pakamwa pa mwana wa zaka ziwiri.

Ngozi yake inaonekapo kale. Mu 2007 ku Ethiopia ana anayi osakwana zaka zitatu anamwalira atatsamwa ndi mapiritsi a alibendazo pa ntchito yogawa mankhwala a njoka. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 anaonetsetsa ana ang'onoang'ono 1,677 akumwa mankhwala a njoka ku India ndi ku Haiti. Ana 18 anatsamwa, ngakhale panalibe amene anamwalira. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti vutoli linkagwera makamaka ana amene ankalira, kuopa kapena kulimbana ndi owamwetsa. N'chifukwa chake buku la WHO la mu 2021 lonena za kagawidwe kabwino ka mankhwalawa limanenetsa kuti mwana asakakamizidwe kumwa.

Ntchito yogawa mankhwala amaiyeza powerenga anthu amene amwa, ndiye wogawa amafuna kuti kaundula adzaze. Koma mwana amene wakana lero akhoza kumwa mawa kapena kukalandira kuchipatala. Likodzo silimupha usiku umodzi, pamene piritsi likatseka njira ya mpweya moyo wake umakhala pachiswe m'mphindi zochepa.

Zimene zimachitika pakhosi munthu akamameza

Kuseri kwa lilime kuli njira ziwiri zogundizana. Yakutsogolo ndi kholingo, yopita ndi mpweya kumapapo. Yakumbuyo ndi yachakudya, yotsikira m'mimba. Ikani chala pakhosi panu ndipo mumeze malovu. Mumva kholingo likukwera kenaka n'kutsika. Likamakwera choncho, kachivindikiro kena kamatseka njira ya mpweya, kupuma kumaima kwa kanthawi kochepa, ndipo chomezedwacho chimalowera njira yake.

Zinthu ziwiri zimasokoneza dongosolo limeneli. Choyamba ndi kulira. Mwana wolira amakoka mpweya mwamphamvu komanso modzidzimutsa, ndiye njira ya mpweya imakhala yotseguka. Chilichonse chimene chili pakamwa pa nthawiyo chikhoza kukokedwera m'kholingo. Kumutsina mphuno kumaonjezera vutolo, chifukwa mwana amakakamizika kupumira pakamwa pomwe pali piritsi ndi madzi. Njira ya mpweya ya mwana wamng'ono ndi yopapatiza ngati kachala kake kakang'ono, choncho piritsi lathunthu likhoza kuitsekeratu.

Chachiwiri ndi kugadamitsa mutu. Ambirife tinakula tikuona akuluakulu akuponya piritsi pakamwa, kumwera madzi n'kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku pomwa madzi. Yesani kumeza malovu mutayang'anitsitsa kudenga. Muona kuti n'kovuta kusiyana ndi pamene mutu uli chilili. Khosi likatambasuka, kholingo limavutika kukwera, ndipo madzi amatsetserekera kumbuyo munthu asanakonzeke kumeza. Ophunzitsa chithandizo choyamba amagadamitsa mutu wa munthu wokomoka pofuna kutsegula njira ya mpweya. Pomeza piritsi timafuna njira imeneyo itsekeke.

Kakhalidwe ka mutu ndi thupi

Womwa mankhwala akhale tsonga kapena aimirire, msana uli wowongoka. Asamwe atagona, akuyenda, akuseka kapena akuyankhula. Wodwala amene ali pamphasa mumudzutse kaye ndi kumutsamiritsa kukhoma kapena pachifuwa panu, ndipo akatha kumwa akhalebe tsonga kwa kanthawi.

Mutu ukhale chilili, maso akuyang'ana kutsogolo, kapena chibwano chitsike pang'ono cha kuchifuwa. Kwa ana ndiponso okalamba kakhalidwe kameneka ndi kamene kali kotetezeka koposa. Wothandiza asaimirire pamwamba pa mwana, chifukwa mwanayo amadzutsa mutu kuti amuone. Gwadani kapena khalani pampando kuti maso anu ndi ake alingane.

Mapiritsi ndi makapisozi amasiyana m'madzi. Piritsi lolimba ngati la likodzo nthawi zambiri limamira, pamene kapisozi, monga wa amokisisilini, amayandama. Mukagadamitsa mutu muli ndi kapisozi pakamwa, madzi amapita kumbuyo koma kapisozi amayandamira kumano, ndiye mumameza madzi okha. Njira yake ndi kuika kapisozi palilime, kumwera madzi osameza kaye, kuweramitsa mutu kuti chibwano chiloze pachifuwa, n'kumeza mutu uli choweramira. Kapisoziyo amayandamira kummero ndipo amatsogola yekha.

Ku yunivesite ya Heidelberg ku Germany anayesa zimenezi mu kafukufuku wa anthu akuluakulu 151 amene anasindikizidwa mu 2014. Mwa amene anayesa kuwerama pomeza makapisozi, pafupifupi 9 mwa 10 alionse anati zinawaphwekera. Pa mapiritsi akuluakulu anayesa njira ya botolo. Munthu amadzaza madzi m'botolo lapulasitiki lofewa, kuika piritsi palilime, kumata milomo pakamwa pa botolo kuti mpweya usalowe, n'kuyamwa madzi ndi kumeza nthawi yomweyo. Botolo limafwamphukira mkati ngati mwachita bwino. Pafupifupi 6 mwa 10 alionse anati njirayi inawathandiza, chifukwa kuyamwako kumachititsa kuti munthu ameze asanayambe kuganiza za piritsi. Kumbukirani kuti oyesedwawo anali akuluakulu. Njira ya botolo ndi ya achinyamata ndi akuluakulu amene amameza bwino chakudya. Musaigwiritse ntchito pa mwana wamng'ono, munthu amene anadwala sitiroko, kapena aliyense amene amatsokomola akamamwa madzi.

Madzi: musanameze, pomeza, mutameza

Piritsi limakakamira pamalo ouma, ndipo mantha amaumitsa pakamwa. Choncho yambani ndi kumwa madzi okha kawiri kapena katatu kuti pakamwa ndi kummero panyowe. Izi zimakupatsaninso mpata woona ngati munthuyo akumeza bwino. Akatsokomola ndi madzi okha, musapitirize ndi piritsi.

Pomeza penipeni sipafunika madzi odzaza masaya. Mu kafukufuku wa ku Germany uja ankagwiritsa ntchito mamililita osachepera 20, omwe ndi oposerako pang'ono supuni yaikulu imodzi. Madzi akachepa piritsi limatsala palilime, akachuluka munthu amameza kangapo ndipo piritsi limatsalabe kapena madzi amalowera kolakwika. Piritsi muliike pakati pa lilime. Mukalikankhira kumbuyo kwenikweni ndi chala, munthu amachita ngati asanze.

Piritsi likadutsa, womwayo amalize kapu yonse, kuti litsike mpaka m'mimba. Mankhwala ena akaima panjira amatentha ndi kuchititsa chilonda mkati. Dokisisaikilini ndi wodziwika pa zimenezi. Ameneyu mumwere kapu yodzaza ndipo musagone pasanathe theka la ola. Chizolowezi chomeza piritsi ndi malovu okha pogona ndi chosiya.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023. Pa tsiku logawa mankhwala ndi bwino mwana aliyense anyamule botolo kapena kapu yake kuchokera kunyumba. Zimathandiza pa ukhondo, komanso mwana samathamangitsidwa kuti apereke kapu kwa mnzake piritsi lisanatsike.

Tiyerekeze ndi mtsikana wa zaka 11

Tinene kuti ndinu wodzipereka amene mukuthandiza mlangizi pasukulu ina ya kufupi ndi msewu wa M1 ku Biriwiri. Pafika mtsikana wa zaka 11. Pandodo akufika masentimita 141. Mlingo wa prazikwantelo ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo ndodo ija inapangidwa kuti msinkhu uimire sikelo. Kuyambira masentimita 94 mpaka 109 ndi piritsi limodzi, ndipo mlingo umakwera mpaka mapiritsi 5 kwa wa masentimita 178 kapena kuposera. Wa masentimita 138 mpaka 149 amalandira awiri ndi theka. Mtsikanayu wayang'ana mapiritsi m'manja mwa mlangizi ndipo wabwerera m'mbuyo. Chaka chatha anasanza anzake akuona.

Choyamba mumufunse ngati wadya. Prazikwantelo amafuna m'mimba muli kanthu. Chakudya chimathandiza kuti mankhwala alowe bwino m'thupi ndipo chimachepetsa mseru, chizungulire ndi kupotokola kwa m'mimba. Ngati wabwera osadya, adye kaye phala, mbatata kapena kachewere wophika, chimene chapezeka.

Kenaka mumuchotse pamzere. Maso a anzake ndi amene akumuumitsa khosi. Mukhale naye pamthunzi, ndipo ngati mayi ake alipo muwapemphe kuti: “Mayi, takhalani naye pafupi apa, koma musamugwire manja kapena mutu.” Kwa mwanayo nenani zoona: “Iwe, mankhwalawa ndi owawadi ukawasunga pakamwa. Tiwadula, umwa kachidutswa kamodzikamodzi, ndipo palibe amene akuthamangitse.” Mukamunamiza kuti ndi okoma ngati switi, akalawa kuwawako sakukhulupiriraninso.

Piritsi la prazikwantelo lili ndi mizere yodulira. Mlangizi akadula mapiritsi awiri aja pakati, pamodzi ndi theka lija zikhala zidutswa zisanu. Mtsikanayo amwe kaye madzi okha. Aike yekha chidutswa chimodzi pakati pa lilime, amwere madzi nthawi yomweyo, ayang'ane kutsogolo kapena pamawondo ake, ameze. Asatafune, chifukwa kuwawa kwake kumadzutsa mseru. Mupemphe atsegule pakamwa muone ngati chapita. Apume pang'ono, kenaka chachiwiri. Musamupatse zidutswa ziwiri nthawi imodzi pofuna kufulumira.

Tinene kuti chachitatu chakanirira. Wameza madzi kawiri, chidutswa chili palilime pomwepo ndipo chayamba kusungunuka. Muuzeni alavulire m'dzanja, atsuke m'kamwa, apume. Mlangizi ndi amene aone zomupatsa china m'malo mwa chosungunukacho. Pobwereza mungabise chidutswacho m'kanthochi kakupsa kofewa kapena m'supuni ya phala lozizira, ameze pamodzi n'kumwera madzi. Akamaliza zonse zisanu amalize kapu ya madzi ndipo akhale pafupi kwa kanthawi kuti mumuone. Akasanza, uzani mlangizi, musamupatsenso mlingo wina mwa inu nokha. Ngati walephera ndithu ndipo wayamba kulira, lekani. Zilembedwe m'kaundula momwe zachitikira, ndipo mlangizi apangane ndi makolo tsiku lina.

Zonsezi zingatenge mphindi khumi, ndipo anzake pamzere akuonerera. Akaona wina akumwetsedwa mwankhondo, otsatira amafika ali ndi mantha kale. N'chifukwa chake ndi nzeru kuyamba ndi ana olimba mtima kuti amantha aone kuti n'zotheka.

Ana osakwana zaka zitatu

Kwa ana awa lamulo ndi lina. Asapatsidwe piritsi lathunthu, ngakhale litakhala lotafuna. Mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amalandira theka la piritsi la alibendazo, ndipo kuyambira zaka 2 amalandira lathunthu, koma malangizo a WHO ndi akuti kwa osakwana zaka zitatu liphwanyidwe. Liphwanyeni pakati pa masupuni awiri oyera mpaka likhale ufa wopanda timibulu, musakanize ndi madzi pang'ono. Mwana akhale tsonga pamiyendo ya mayi ake, ndipo mumupatse pang'onopang'ono ndi supuni, kudikira kuti ameze musanaonjezere.

Musaganize kuti mukaphwanya ndiye kuti mwathana nazo. Mu kafukufuku wa ku India ndi Haiti uja, ana ambiri amene anatsamwa anali atapatsidwa mapiritsi ophwanya. Ubwino wophwanya ndi wakuti ufa sungatseke njira ya mpweya ngati mmene lingachitire piritsi lathunthu, koma mwana wolira amatsamwa ngakhale ndi madzi. Ngati akulira, mayi amutonthoze kaye, amuyamwitse kapena ayende naye pang'ono. Akapanda kutonthola, abwere tsiku lina. Kumugoneka chagada pamiyendo, kumupana ndi mawondo ndi kumutsina mphuno, monga ena amachitira pomwetsa mankhwala kunyumba, n'koopsa pa mankhwala a mtundu uliwonse.

Wamkulu amene amaopa piritsi

Vutoli si la ana okha. Pali amayi oyembekezera amene amavutika ndi mapiritsi atatu a fansida kusikelo, odwala chifuwa chachikulu amene amamwa mapiritsi angapo m'mawa uliwonse kwa miyezi 6, ndi amene amamwa ma ARV tsiku lililonse. Ambiri sanena, poopa kusekedwa. Amangodumphitsa masiku, ndipo kuchipatala amaoneka ngati osasamala. Inu odzipereka amene mumayendera odwala m'makomo, funsani molunjika kuti: “Bambo, kodi mankhwalawa amatsika bwino pakhosi?”

Mantha amagwira ntchito motere. Munthu amene anatsamwapo amakumbukira, ndiye akaona piritsi minofu ya pakhosi imakungika, pakamwa pamauma, lilime limakankhira piritsi kutsogolo. Kulephera kulikonse kumakulitsa mantha a mawa. Kumukalipira kuti “mezani basi” kumangoonjezera.

Mukumbutseni za nsima. Mbamu imene amameza tsiku lililonse, nthawi zambiri osatafuna n'komwe, ndi yaikulu kuposa piritsi lililonse la kuchipatala. Khosi lake limatha kale ntchitoyi. Chofunika ndi kuzolowera, ndipo azolowere pa nthawi imene sakudwala kwambiri ndiponso palibe omuyang'ana. Ayambe ndi kambewu kamodzi ka mpunga wophika, kumeza ndi madzi monga piritsi. Akatha kangapo popanda vuto, aumbe kansima kakang'ono ngati mapira, kenaka ngati nandolo, kenaka ngati nyemba. Mphindi zisanu pa tsiku zikwanira. Akalephera pa msinkhu wina abwerere pa kakang'ono, ndipo amalize tsikulo ndi chimene watha. Njira yomweyi imathandiza ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, wamkulu ali pomwepo. Mtedza, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba musayesere, chifukwa n'zimene ana amatsamwa nazo kawirikawiri.

Asanamwe piritsi lenileni apume mofatsa katatu, agwetse mapewa, kenaka achite mwadongosolo lomwe lija: madzi, piritsi, madzi, kumeza. Ena amapeza kuti kutembenuzira mutu pang'ono kumanja kapena kumanzere kumawathandiza. Ayese ndi kansima aone kakhalidwe kamene kakumuyanja.

Musaphwanye mankhwala musanafunse. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo mukawaphwanya mphamvu yonse imalowa nthawi imodzi. Ena ali ndi chikutiro choti adutse m'mimba osasungunuka. Pa paketi yake pamakonda kulembedwa zilembo monga SR, XR, ER kapena EC. Komanso si mankhwala onse amene amamwedwa ndi chakudya, choncho funsani musanabise piritsi m'nthochi. Funsaninso ngati pali mtundu wosungunula m'madzi. LA wa ana, ma ARV ena a ana ndi mankhwala a ana a chifuwa chachikulu alipo otero.

Pamene vuto si mantha

Wamantha amavutika ndi piritsi koma nsima ndi madzi zimatsika bwino. Ngati munthu akutsokomola kapena mawu ake akumveka ngati muli madzi pakhosi akangomwa, ngati chakudya chikutsalira m'tsaya kapena dovu likutuluka, makamaka pambuyo pa sitiroko, ndiye kuti kumeza kwenikweniko kwasokonekera. Ngati akumva kuwawa pomeza ndipo m'kamwa muli zoyerayera, akhoza kukhala ndi matenda a kummero amene amagwira kawirikawiri anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo mankhwala ake alipo. Ngati wamkulu anayamba kukanika nyama ndi nsima, kenaka phala, ndipo akuonda, apite kuchipatala msanga. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lapansi. Anthu otere asaphunzitsidwe njira za botolo kapena kansima. Ayambire pachipatala cha Biriwiri kapena china chapafupi, ndipo akafunika kuunikidwa mozama adzatumizidwa ku chipatala cha boma ku Ntcheu.

Akatsamwa muchite chiyani

Yambani mwasiyanitsa. Munthu amene akunena kuti piritsi laima pakhosi kapena pachifuwa, koma akuyankhula ndi kupuma bwino, ndiye kuti lili m'njira ya chakudya. Akhale tsonga, amwe madzi pang'onopang'ono, adye kanthu kofewa ngati nthochi. Ngati akulephera kumeza ngakhale malovu, kapena ululu sukutha, apite kuchipatala.

Amene akutsokomola mwamphamvu, mpweya ukudutsabe. Mulimbikitseni atsokomole, ataweramira kutsogolo. Musamupatse madzi ndipo musapise chala kummero kufunafuna chimene simukuchiona, mungachikankhire mkati.

Woopsa ndi amene wangoti zii. Sakutha kulira, kuyankhula kapena kutsokomola, wagwira pakhosi, maso atong'oka, milomo ikusintha mtundu. Apa musadikire. Itanani mlangizi mokuwa uku mukuyamba. Muweramitseni kutsogolo, dzanja limodzi litamugwira pachifuwa, ndipo mumumenye kasanu mwamphamvu pakati pa mapewa ndi tsinde la chikhatho, mukuona pakumenya kulikonse ngati chatuluka. Chikapanda kutuluka, imani kapena gwadani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, chigwireni ndi dzanja linalo, ndipo mukokere mkati ndi m'mwamba mwamphamvu kasanu. Bwerezani zisanu za pamsana ndi zisanu za pamimba mpaka chituluke. Khanda losakwana chaka musalifinye pamimba. Ligonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli cha pansi, mulimenye kasanu pakati pa mapewa, kenaka mulitembenuze ndi kudina kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri. Mayi woyembekezera mumukoke pachifuwa m'malo mwa pamimba. Munthu akakomoka, mugonekeni pansi ndi kuyamba kudina pachifuwa uku ena akufuna galimoto kapena njinga yamoto. Amene wafinyidwa pamimba, kapena akupitiriza kutsokomola ndi kupuma molira pambuyo pake, akaonedwe kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wachira.

Chithandizo chimenechi chimafunika pamalo pomwepo, chifukwa ngakhale kwa amene ali m'mphepete mwa M1 ulendo wa ku Ntcheu ndi wautali kwa munthu amene sakupuma. Kwa a m'midzi ya m'mapiri ndiye kutalikiratu. Choncho uthenga wa tsiku logawa mankhwala ukafika, makomiti a zaumoyo m'midzi ndi a makolo kusukulu ali ndi mafunso oyenera kufunsa pokonzekera. Kodi ana adzakhala atadya? Madzi abwino ndi makapu zilipo zokwanira? Masupuni ophwanyira mapiritsi a ana ang'onoang'ono alipo? Ndani pamalopo amene anaphunzira kuthandiza wotsamwa, ndipo angaonetse aphunzitsi ndi odzipereka tsikulo lisanafike? Ndipo mwana amene walephera kumwa akalandira liti, kuti? Funso lomalizali likayankhidwa pasadakhale, palibe amene adzaone chifukwa chomugwirira mwana mutu.

Inu makolo, ntchito yanu iyambe sabata imodzi tsikulo lisanafike. Pa chakudya chamadzulo muumbireni mwana kansima kakang'ono, mupatseni kapu ya madzi, ndipo ayesere ali tsonga, maso kutsogolo. M'mawa wa tsikulo adye, anyamule botolo lake la madzi, ndipo mumuuze kuti piritsi likakanirira ali ndi ufulu wolavula ndi kuyesanso.